Kudula vidiyo yophunzitsa pafoni: chete woti achoke ndi chete woti atsale

Vidiyo yophunzitsa imaonongeka m'njira ziwiri. Ina imatalika mpaka woonera amatopa ntchito isanayambe. Ina imadulidwa mothina kwambiri moti manja a mmisiri amangoti zii kudutsa, woonera n'kutsala osadziwa chomwe chachitika. Amene angoyamba kumene kukonza mavidiyo nthawi zambiri amachoka pa vuto loyamba n'kugwera lachiwiri, chifukwa anamva kuti paliponse pamene munthu wakhala chete m'pofunika kudula. Si choncho. Muyezo wake ndi manja. Ngati pakamwa pali chete koma manja akuchita chinthu chimene wophunzira ayenera kudzachita yekha, pamenepo si podula.

Tiyerekeze kuti mwajambula mmisiri wa njinga pa Nchalo akuonetsa kamatidwe ka chubu. Kuchigwa cha Shire kuno minga ndi yambiri ndipo akabaza amadziwa kuti chubu chomatidwa mwachidule sichifika pa Ngabu. Zimene mwajambulazo zatenga mphindi 11 ndi masekondi 20. Tizifupikitsa kufika pa mphindi 3 ndi masekondi 15 popanda kutaya sitepe ngakhale imodzi. Mayina a mabatani amene titchule ndi a mu CapCut, pulogalamu ya pafoni yokonzera mavidiyo, koma InShot, VN ndi KineMaster zili ndi mabatani ogwira ntchito zomwezi.

Musanakhudze chilichonse, onerani zonse kamodzi muli ndi pepala. Lembani masitepe a ntchitoyo ndi nthawi imene iliyonse ikuyambira: kutulutsa chubu, kupopa ndi kumiza m'madzi, kuika chizindikiro pabowo, kuumitsa ndi kukwecha, kupaka solushoni, kudikira, kumata chigamba, kufufuza munga m'tayala, kubwezera ndi kupopa. Pepala limeneli ndi limene lidzakuuzeni mukadula sitepe yonse mosadziwa, zimene zimachitika kawirikawiri ndi sitepe yaifupi ngati ya chizindikiro.

Ntchito yokonza ili ndi ndondomeko yake: kudula poyamba, kenako liwiro, mawu olembedwa kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti m'mapulogalamu ambiri a pafoni mawu olembedwa amakhala pamzere wawo wawo. Mukawalemba msanga, kenako n'kuchotsa masekondi 5 koyambirira, zithunzi zimasendera cha koyambirira koma mawu amatsala pomwe anali. Mawu akuti "pakani solushoni" amadzatuluka mmisiri akumata kale chigamba, ndipo mumayenera kukoka chidutswa chilichonse ndi chala kuchibwezera pamalo pake.

Kudula kwenikweniko

Mukalowetsa vidiyo, imagona pamzere wa m'munsi ndipo pakati pamakhala kamzere koyera koimirira. Pamene kamzereko kaima ndi pamene mpeni ugwere. Mumaimika pamene chete akuyambira, n'kudina `Split`, kusendeza kufika pamene akuthera, `Split` kachiwiri, kukhudza kachidutswa kapakatiko n'kudina `Delete`. Mbali ziwirizo zimalumikizana zokha.

Mutha kudziwa mabatani onsewa koma n'kumalephera kupeza malo enieni odula. Tambasulani mzerewo ndi zala ziwiri mpaka sekondi imodzi itenge malo aakulu pasikirini. Kudula mzere uli wopanikizana kuli ngati kudula nsalu ndi chikwanje. Kenako dinani `Extract audio` kuti mawu akhale pamzere wawo, pomwe amaoneka ngati timapiri: pamene munthu akulankhula pamatukuka, pamene ali chete pamagona. Chenjezo lake n'lakuti mawu mukawalekanitsa ndi chithunzi muyenera kudula mizere yonse iwiri pamalo amodzi, n'kukoka chidutswa cha mawu chotsalacho kuti chilumikizane ndi chinzake. Mukadula umodzi wokha, milomo ndi mawu zimasiyana kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Amene sanazolowere angachite bwino kungoona timapiriti, kulemba nthawi zake papepala, kubwerera m'mbuyo ndi kamuvi kokhota, n'kumadula zonse zili pamodzi.

Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi. Chithunzi chimodzicho chimatchedwa fulemu. Musadule pa chilembo chenicheni choyamba cha liwu. Siyani mafulemu 4 kapena 5 liwu lisanayambe, ndi mafulemu 6 mpaka 8 likatha. M'Chichewa zimenezi zimafunika kwambiri chifukwa mawu athu ambiri amayamba ndi kaphokoso kofewa ka m'mphuno kamene sikatukuka bwino pa timapiri tija. Mukadula pamene phiri likuyambira, "mpira" amamveka "pira", "nthawi" amamveka "thawi". Kumapeto nakonso, mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo liwu limazilala pang'onopang'ono. Mukalidula msanga limamveka ngati munthu wamutseka pakamwa.

Mu vidiyo ya mmisiri wathu muli chete wa mitundu itatu, ndipo aliyense ali ndi kachitidwe kake.

Woyamba ndi wakufa. Mmisiri akufunafuna sipanala, akuyankha moni wa munthu wodutsa, akuti "eee… ndiye kuti… eee", kapena walakwitsa n'kuyambiranso chiganizo. Zonsezi zichoke. Akabwereza chiganizo katatu, nthawi zambiri chomaliza ndi chimene chili bwino. Malonje aatali nawonso ali m'gulu lomweli. Mwambo wa moni sitikuukana, koma "Muli bwanji nonse, lero timata chubu" akukwana. Mphindi yathunthu yofotokoza mbiri ya shedi yake ikhoza kudikira vidiyo ina.

Wachiwiri ndi wopumira, kamphindi kamene kamakhala pakati pa ziganizo. Ameneyu amangofupikitsidwa. Pakati pa ziganizo za sitepe imodzi siyani pafupifupi theka la sekondi. Pochoka pa sitepe ina kupita pa ina siyani sekondi yathunthu. Mukachotseratu, malangizo amaunjikana ndipo khutu silimva pamene "kwechani" wathera ndi pamene "pakani" wayambira.

Wachitatu ndi chete wa ntchito, ndipo ndi amene amaphedwa mosalakwa. Mmisiri wamiza chubu m'beseni, akuchizunguliza pang'onopang'ono, sakulankhula kanthu kwa masekondi 30. Pa timapiri pali pogona, chala n'kumayabwa kuti chidule. Koma apa ndi pamene phunziro lili. Woonera ayenera kuona mmene chubu chimayendera m'madzi chigawo ndi chigawo, aone madzi ali bata, kenako aone thovu likutuluka motsatizana pamalo amodzi. Mukangoonetsa thovu lokha, mwaonetsa yankho osaonetsa kafufuzidwe. Chimodzimodzi pamene akuyendetsa zala m'kati mwa tayala kufunafuna munga. Pooneka palibe chikuchitika, koma wophunzira amene sanaone sitepe imeneyi adzabwezera chubu chomatidwa bwino pamunga womwe uja.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Tsitsani mawu a foni kufika pa zilo, onerani kachidutswako, dzifunseni ngati munthu amene sanamatepo chubu angaone chinthu chatsopano. Akaona, kasiyeni.

Chithunzi chikamadumpha

Mukachotsa masekondi angapo pamene kamera yaima malo amodzi, mutu wa wolankhula umadumpha kuchoka uku kufika uku. Kudumpha kumodzi kapena kuwiri sikuvuta, anthu anazolowera. Kukachuluka, monga kasanu m'masekondi 10, maso amatopa. Pali njira ziwiri zokubisira. Yoyamba ndi kukhudza chidutswa chachiwiri n'kuchikulitsa ndi zala pang'ono, magawo 10 kapena 15 pa 100, kuti kudumphako kuoneke ngati kamera yasendera dala. Musapitirire kwambiri chifukwa chithunzi chimayamba kuchita chimbuuzi. Yachiwiri ndi yabwino koposa: ikani pamwamba pa mpatawo, pomwe zidutswa zalumikizana, kudzera pa `Overlay`, kachidutswa koonetsa manja pafupi, mawu a mmisiri akupitirira pansi pake. N'chifukwa chake pa tsiku lojambula ndi bwino kupempha mmisiri abwereze masitepe ovuta inu mutayandikiza foni, ngakhale masekondi 10 pa sitepe iliyonse. Koma manja enieniwo musawadule pakati. Ngati pa chidutswa choyamba chigamba chili m'dzanja ndipo pa chachiwiri chamatidwa kale, mwabisa chinthu chimene munthu anatsegulira vidiyo.

Zokongoletsa za pakati pa zidutswa, zija zozunguliza chithunzi kapena kuchiphulitsa, zisiyeni. Zimadya theka la sekondi kapena kuposa pa mpata uliwonse ndipo siziphunzitsa kanthu.

Palinso kudumpha kwa m'khutu. Mu Okutobala nyenje zimalira osaleka, kuseri chigayo chikugunda, pamsewu mathirakitala a nzimbe akudutsa. Phokoso lotere limasintha mphamvu nthawi ndi nthawi, ndiye mukalumikiza zidutswa ziwiri zotalikirana limamveka kudukiza. Pamene zatero, sankhani malo ena odulira pomwe phokoso la mbali zonse ziwiri likufanana, kapena tsitsani `Volume` ya chidutswa chimene chikusokosa kwambiri. Mpata uliwonse umvetsereni ndi zomvera za m'makutu, chifukwa sipika ya foni imabisa zambiri.

Liwiro

Sitepe iliyonse ipatsidwe nthawi molingana ndi kuvuta kwake, ngakhale mmisiri atakhala kuti anaitha msanga kapena anachedwa nayo. Kupopa kumatenga nthawi koma aliyense amakudziwa. Kukwecha pabowo kumatha msanga koma ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amakwecha kamalo kakang'ono kuposa chigamba, m'mphepete n'kumatukuka. Choncho kupopa kufulumizidwe, kukwecha kuoneke konse pa liwiro lake lenileni.

Kufulumiza kuli pa `Speed` kenako `Normal`. Pa `2x` masekondi 40 amakhala 20, pa `4x` amakhala 10. Ntchito yobwerezabwereza ionetseni koyamba pa liwiro lenileni kwa masekondi 3 kapena 4, ikani `Split`, n'kufulumiza chotsalacho. Chidutswa chofulumizidwa chitsitseni `Volume` kufika pa 0, apo ayi mawu a anthu amasanduka phokoso losamveka. Ndipo musafulumize pomwe mmisiri akufotokoza. Ngati akulankhula mochedwa, fupikitsani mipata ya pakati pa mawu.

Kudikira kuti solushoni aume ndi nkhani ina. Mmisiri wadikira mphindi pafupifupi 5, ndipo palibe amene angaonere zimenezo. Koma mukangodula osanena kanthu, vidiyo imanama: imaonetsa ngati chigamba chimamatidwa solushoni akadali wamadzimadzi, chomwe ndi cholakwa chachikulu pa ntchito yonseyi. Siyani masekondi 2 solushoni akunyezimira, lembani pasikirini kuti "Dikirani mphindi 5", kenako masekondi 3 oonetsa pafupi kuti kunyezimira kwatha. Nthawi iliyonse imene mwachotsa, ngati wophunzira ayenera kudzaidikira, inenedwe ndi pakamwa kapena ndi zilembo.

Tikagawa nthawi, vidiyo yathu ikhoza kukhala motere. Masekondi 8 oyamba aonetse tayala lophwa ndi mawu onena chimene chiphunzitsidwe. Zipangizo zitenge 12, kutulutsa chubu 25. Kufufuza bowo m'madzi ndi kuika chizindikiro kutenge 35, ndipo iyi ndiyo sitepe yaitali koposa. Kuumitsa ndi kukwecha 25, solushoni ndi kudikira kwake 25, kumata ndi kutsindira 25, kufufuza munga 20, kubwezera ndi kupopa 20. Zonse pamodzi ndi masekondi 195. Ithere pomwepo, njinga itaima pa tayala lolimba. Ngati pulogalamu yawonjezera kachidutswa ka dzina lake kumapeto, kakhudzeni n'kukachotsa ndi `Delete`.

Mawu olembedwa

Anthu ambiri amaonera vidiyo mu minibasi, pamsika kapena pagulu pomwe sangakweze mawu. Kuchigwa kuno palinso chifukwa china. Mmisiri wa ku Bangula kapena ku Nsanje akhoza kulankhula Chisena kapena kusakaniza ndi Chimang'anja, ndipo mawu olembedwa m'Chichewa amathandiza wa ku Lilongwe kutsatira popanda kumuuza mmisiri kuti asinthe chilankhulo chake.

Batani la `Auto captions` linapangidwira zilankhulo ngati Chingerezi. Mukalipatsa Chichewa kapena Chisena musayembekezere zolondola. Lembani nokha: `Text`, kenako `Add text`. Konzani chidutswa choyamba bwinobwino, mtundu wa zilembo, kukula kwake ndi malo ake, kenako muzichikopera n'kumangosintha mawu, kuti zonse zifanane ndiponso zisamayendeyende pasikirini.

Simuyenera kulemba zonse zimene zanenedwa. Mmisiri akati "ndiye apapa, mukuona eti, simufunika kuthamanga n'kumata chigambachi solushoni uja asanaume, ayi ndithu", inu lembani "Musamate chigamba solushoni asanaume". Tanthauzo likhale lake, mawu odzaza pakamwa achoke. Manambala ndi mayina a zipangizo okha ndi amene ayenera kulembedwa ndendende.

Kuti mudziwe nthawi yoti mawu akhale pasikirini, werengani zilembo pamodzi ndi mipata yake, mugawe ndi 12. Chiganizo chathu chili ndi 36, ndiye chikhale masekondi 3. Owerenga mwachangu amatha kupitirira 12 pa sekondi, koma woonera wanu akuwerenga kwinaku akuyang'ana manja, ndipo ena sawerenga tsiku ndi tsiku. Ngakhale liwu limodzi lisakhale pansi pa sekondi imodzi, ndipo chidutswa chisapitirire masekondi 6 kapena 7, chifukwa maso amayamba kuchiwerenganso. Muziwerenga zilembo osati mawu, popeza liwu limodzi la Chichewa ngati "mukachitulutsa" limanyamula zimene Chingerezi chimanena m'mawu angapo.

Mizere isapose iwiri. Pa vidiyo yoimirira, ya `9:16`, mzere umodzi ukhale ndi zilembo zosapitirira 25 kapena 30, apo ayi zimachepa moti pafoni yaing'ono siziwerengeka. Pothyola mzere tsatirani ganizo: "Musamate chigamba" pamwamba, "solushoni asanaume" pansi. Musalekanitse mawu oyendera limodzi monga "chubu cha njinga" kusiya "cha" kumapeto kwa mzere. Samalaninso kiyibodi, chifukwa ikakhala ya Chingerezi imasintha mawu a Chichewa mwakachetechete. Zimitsani kukonza mawu kwake musanayambe, ndipo onani bwino kachizindikiro ka mu "ng'ombe" ndi "m'madzi".

Dzuwa la kuno limayeretsa chilichonse, mchenga, khoma, malata. Zilembo zoyera zopanda mpanda zimasowa pa chithunzi chotere. Ikani mzere wakuda m'mphepete mwa zilembo pa `Stroke`, kapena kabokosi kakuda kumbuyo kwake pa `Background`. Malo ake asakhale pansi penipeni, chifukwa pa TikTok ndi pa mavidiyo oimirira a Facebook m'munsi mumakhala dzina ndi mawu a mwini vidiyo, ndipo kumanja kumakhala mabatani. Kwezani mawu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kuchoka pansi. Koma akamaphimba bowo kapena zala za mmisiri, asunthireni pamwamba pa sitepe imeneyo yokha.

Mawu atuluke pamene liwu loyamba likumveka, osati mochedwa. Akachedwa ndi theka la sekondi woonera amazindikira. Ndipo asadutse pa mpata wa masitepe awiri: lamulo la kukwecha lizime chithunzi cha solushoni chisanabwere.

Kutulutsa ndi kuyesa

Podina `Export`, sankhani `720p` ndi mafulemu 30. Pafoni zimaoneka bwino ndithu ndipo bandulo ya woonera imapulumuka. Kukula kwa fayilo kumadalira kuchuluka kwa deta pa sekondi: pa mamegabiti 2, masekondi 195 amapereka mamegabaiti pafupifupi 49, pomwe pa mamegabiti 8, zomwe zimachitika kawirikawiri pa `1080p`, amafika pafupifupi 195. Wotsitsa ndi bandulo ya TNM kapena Airtel kusiyana kumeneku amakumva m'thumba.

Kutulutsa vidiyo kumatenthetsa foni. M'miyezi imene kutentha kumapitirira madigiri 40, foni ikatentha imadzichepetsa liwiro, nthawi zina pulogalamu imatsekeka ili pakati. Chitani zimenezi m'mawa kapena usiku, pamthunzi, mutachotsa chikuto cha foni, musali kutchaja, ndipo muli ndi malo okwanira m'foni. Mavidiyo oyambirira aja musawafufute mpaka ntchito yonse itatha, chifukwa pulogalamu imawerengabe kuchokera pa iwo, ndipo mukawachotsa zidutswa zanu zimatsala zopanda kanthu.

WhatsApp imapanikiza vidiyo mukaitumiza mwa nthawi zonse, ndipo zilembo zazing'ono ndi thovu la m'beseni ndizo zimayamba kufufutika. Dzitumizireni kaye pafoni ina, yotsika mtengo, muone ngati zikuwerengeka. Ngati mukutumizira munthu woti akaiike pa tsamba lake, tumizani ngati `Document` kuti ifike mmene ilili.

Kenako perekani foniyo kwa munthu amene sanamatepo chubu, inu mukhale chete n'kumayang'ana chala chake. Pamene wabwezera m'mbuyo, mwadula kapena kufulumiza mopitirira, ndiye bwezeranipo masekondi 2 kapena 3 pokoka m'mphepete mwa chidutswacho. Pamene wadumphira kutsogolo pakadali chete wakufa. Akamaliza mufunseni atchule masitepe onse mwa dongosolo lake, inu mukuyang'ana papepala lija. Akadumpha kufufuza munga, bwererani pa sitepe imeneyo, muitalikitse ndi masekondi 5 ndipo muiikire mawu akeake pasikirini.